Kuwerenga Msanga Matebulo ndi Magalafu a Nyengo ndi Chiwerengero cha Anthu pa Mayeso a Jogalafe

Pa mafunso a matebulo ndi magalafu, malikisi ambiri amatayika wophunzira asanayambe n'kuwerengera komwe. Amatenga nambala pa sikelo yolakwika, kapena saona kamawu kakang'ono pamwamba pa tebulo kakuti "m'masauzande", ndiye masamu onse otsatira, ngakhale atawakhoza bwanji, amatuluka opotoka. Kufulumira kwenikweni kumachokera pa kukhala ndi ndondomeko imodzi yoyang'anira chithunzi chilichonse, kuti maso asamangoyendayenda pa pepala. Tiyenda ndi ndondomekoyo pa zitsanzo ziwiri, china cha nyengo, china cha chiwerengero cha anthu. Manambala a m'zitsanzozi ndi oyeserera chabe, si a malo kapena dziko lenileni.

Choyamba: werengani m'mphepete musanalowe m'kati

Perekani masekondi pafupifupi 30 ku zinthu zozungulira manambala. Mutu ukuuzani kuti chithunzicho ndi cha chiyani, cha kuti, ndiponso cha chaka chiti. Kenako onani mawu olembedwa pa mzere wogona wa m'munsi ndi pa mzere woimirira wa m'mbali, makamaka muyeso wake: mamilimita, madigiri, maperesenti, mamiliyoni, kapena "pa anthu 1,000 alionse". Zungulizani muyesowo ndi pensulo. Ngati pali kiyi yosonyeza tanthauzo la mitundu kapena mizere, iwerengeni tsopano, osati mutasokonezeka kale.

Pali chinthu china chimene ambiri amachidumpha: kupeza mtengo wa kabokosi kamodzi pa sikelo. Tengani manambala awiri oyandikana olembedwa pa mzere woimirira, chotserani, ndipo gawani ndi kuchuluka kwa timipata tapakati pawo. Ngati pakati pa 0 ndi 50 pali timipata 5, kampata kalikonse ndi 10. Ngati pali timipata 10, ndi 5. Ngati pakati pa 0 ndi 100 pali timipata 4, kalikonse ndi 25, ndipo apa m'pamene anthu amagwa, chifukwa maso anazolowera kuwerenga m'makumi. Werengani timipata, osati timizere. Lembani yankholo m'mbali mwa galafu kuti musabwerezenso ntchito imeneyi pa funso lililonse.

Onaninso ngati sikelo yayambira pa ziro. Ikayambira pa 40, mzati wa 60 umaoneka wautali kawiri kuposa wa 50, pamene kusiyana kwenikweni ndi 10 basi.

Chachiwiri: werengani mafunso onse, kenako bwererani ku chithunzi

Tebulo la pa mayeso nthawi zambiri limakhala ndi manambala ochuluka kuposa amene mafunso akufuna. Mukayamba ndi kuliloweza lonse mwataya mphindi. Werengani timafunso tonse ta pansi pake kamodzi, ndipo pa kalikonse dulani mzere pansi pa zinthu ziwiri: mawu olamula, ndi malire a funsolo, monga mwezi, chaka, dziko kapena gulu la zaka.

Mawu olamula ndi amene amakuuzani kukula kwa ntchito. Funso lakuti tchulani likufuna nambala kapena dzina limodzi. Lakuti werengerani likufuna muonetse njira, chifukwa kawirikawiri njira yokha imakhala ndi malikisi ake ngakhale yankho lomaliza litaphonya. Lakuti longosolani zimene mukuona likufuna maonekedwe ndi manambala a pa chithunzi, popanda zifukwa. Lakuti perekani zifukwa likufuna zimene munaphunzira m'kalasi, ndipo kungobwereza manambala sikukupatsani kanthu.

Chachitatu: galafu ya nyengo, ndi mafunso anayi amene muyenera kuifunsa

Galafu ya nyengo imanyamula zinthu ziwiri pa chithunzi chimodzi. Mvula imasonyezedwa ndi mizati, kutentha ndi mzere wolumikiza madontho. Motero pamakhala masikelo awiri, ina kumanzere, ina kumanja. Palibe lamulo loti mvula imakhala mbali iti, choncho musadalire chizolowezi cha m'buku lanu. Pezani pamene palembedwa mm ndi pamene palembedwa °C, kenako jambulani kamuvi kuchoka pa mizati kuloza ku sikelo yake. Powerenga, goneketsani rula pamwamba pa mzati, molingana ndi mzere wa m'munsi, mpaka ikakhudze sikelo. Rula ikapendekeka pang'ono, pa galafu yotambalala mukhoza kuphonya ndi kampata kathunthu.

Chizindikiro chakuti mwawerenga pa sikelo yolakwika n'chosavuta kuchiona. Avareji ya kutentha kwa mwezi singafike madigiri 80 kulikonse pa dziko lapansi. Mukapeza nambala yotero, mwatenga ya mvula.

Nali tebulo la Malo A:

| Mwezi | J | F | M | E | M | J | J | O | S | O | N | D |
|---|---|---|---|---|---|---|---|---|---|---|---|---|
| Kutentha, °C | 21 | 21 | 20 | 17 | 15 | 13 | 12 | 13 | 14 | 16 | 18 | 20 |
| Mvula, mm | 15 | 15 | 20 | 40 | 70 | 95 | 85 | 75 | 45 | 30 | 15 | 15 |

Samalani ndi zilembo za miyezi, poti zingapo zimafanana. J wachiwiri ndi Juni, wachitatu ndi Julayi. Werengani malo ake kuchokera kumanzere: Juni ndi wa nambala 6, Julayi wa nambala 7.

Funso loyamba kulifunsa ndi lakuti, kodi kukutentha kwambiri liti? Pa Malo A ndi mu Januwale ndi Febuluwale, madigiri 21, ndipo kukuzizira kwambiri mu Julayi, madigiri 12. Izi zokha zakuuzani kuti malowa ali kummwera kwa ikweta. Mzere wa kutentha ukalowa pansi pakati pa chaka ngati mbale, ndi kummwera. Ukatukuka pakati pa chaka, cha mu Juni mpaka Ogasiti, ndi kumpoto. Njira imeneyi ili ndi malire ake: pafupi ndi ikweta mzerewo umakhala pafupifupi wowongoka, ndipo kukwera kwa digiri imodzi kapena awiri kumabwera chifukwa cha mitambo ndi mvula, osati mbali ya dziko. Pamenepo musalimbikire kutchula kumpoto kapena kummwera.

Funso lachiwiri ndi kusiyana kwa kutentha pa chaka. Chotserani mwezi wozizira kwambiri pa mwezi wotentha kwambiri: 21 − 12 = 9 °C. Yankho ndi nambala imodzi. Wolemba kuti "kuyambira 12 mpaka 21" sanamalize ntchito. Vuto lenileni limadza kutentha kukatsika pansi pa ziro. Ngati Julayi ali pa 19 ndipo Januwale pa −7, masamu ake ndi 19 − (−7) = 26, osati 12. Ganizirani mtunda: madigiri 7 kukwera kufika pa ziro, kenako ena 19. Nambala ya kusiyana kwa kutenthaku ili ndi uthenga. Ikakhala yaing'ono kwambiri, pansi pa madigiri 3 kapena pamenepo, malowo ali pafupi ndi ikweta, monga Singapore. Ikakhala yapakati, kawirikawiri nyanja yaikulu imakhala pafupi, chifukwa madzi amachedwa kutentha ndi kuzizira komwe. Ikapitirira madigiri 25, ganizirani m'katikati mwa kontinenti, kutali ndi ikweta.

Lachitatu ndi mvula ya chaka chonse. Musaphatikize manambala 12 mondondoza m'mutu, chifukwa mukasokonezeka pa wachisanu ndi chinayi mudzayambiranso pa chiyambi. Agaweni m'magulu a miyezi itatuitatu ndi kulemba zotsatira pansi pa tebulo. Januwale mpaka Malichi ndi 50, Epulo mpaka Juni 205, Julayi mpaka Seputembala 205, Okutobala mpaka Disembala 60. Zonse pamodzi ndi mamilimita 520. Ubwino wina wa magulu amenewa ndi wakuti akuonetsani kale kumene mvula yaunjikana.

Kumbukirani kuti mvula imaphatikizidwa, koma kutentha sikuphatikizidwa kuti kukhale yankho. Pa kutentha mumafuna avareji: kuphatikiza kumapereka 200, ndipo 200 ÷ 12 = 16.7 °C. Yesani yankholo ndi maso. Avareji iyenera kugwera pakati pa 12 ndi 21, ndipo ikatuluka kunja kwa malire amenewo, mwalakwitsa penapake.

Funso lachinayi ndi limene limatchula mtundu wa nyengo, ndipo ndi lofunika kuposa enawo: kodi mvula ikugwa nthawi yotentha, yozizira, kapena chaka chonse? Ikani chala pa mizati itali ndi kuyang'ana kumene mzere wa kutentha uli pa miyezi imeneyo. Pa Malo A, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kwagwa 70 + 95 + 85 + 75 = 325 mm, ndiye kuti maperesenti 62.5 a mvula yonse m'miyezi inayi ya nthawi yozizira. Miyezi yotentha ndi youma. Imeneyi ndi nyengo ya mtundu wa Mediteraniyani, imene kummwera kwa ikweta imapezeka kumalo ngati Cape Town ndi Perth, pamene kumpoto imapezeka ku Rome ndi Athens. Wophunzira amene anangoloweza kuti nyengo imeneyi imakhala ndi mvula mu Disembala ndi Januwale amaphonya galafu ngati iyi, chifukwa analoweza miyezi m'malo moloweza ubale wa mvula ndi kuzizira.

Mitundu ina imadziwika mwa njira yomweyo. Kutentha chaka chonse, mzere wowongoka, mvula mwezi uliwonse yokwana cha m'ma 2,000 mm pa chaka: nyengo ya pa ikweta. Kutentha chaka chonse koma mvula m'miyezi yotentha yokha, ndi chilimwe cha miyezi ingapo: savana. Mizati inayi itaima pamwamba kwambiri, ina yonse ili pafupi ndi ziro, monga ku Mumbai kumene mvula imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala: monsuni. Mvula yosakwana 250 mm pa chaka: chipululu. Pa chipululu yang'anitsitsani sikelo, chifukwa wojambula akhoza kuithera pa 30 mm, mizati n'kuoneka italiitali ngati kumagwa chimvula.

Pali msampha umodzi wokondedwa ndi olemba mayeso. Mzere wa kutentha ndi wowongoka ngati wa pa ikweta, koma uli pansi, cha m'ma 13 kapena 14 °C. Amenewo ndi malo okwera a pafupi ndi ikweta, monga Quito, mzinda umene uli pa mamita pafupifupi 2,850. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse okwera, koma kukwerako sikusintha kuwongoka kwa mzerewo.

Ngati funso likuti longosolani nyengo ya Malo A ndipo lili ndi malikisi anayi, lembani mfundo zinayi, iliyonse ndi nambala yake: kutentha kwambiri ndi 21 °C mu Januwale ndi Febuluwale pamene kuzizira kwambiri ndi 12 °C mu Julayi, kusiyana kwake ndi 9 °C, mvula ya pa chaka ndi 520 mm, yambiri imagwa nthawi yozizira, ndipo Juni ndiye ali pamwamba ndi 95 mm. Mawu akuti "kumagwa mvula yambiri" opanda nambala kapena mwezi ndi ofooka.

Chachinayi: tebulo la chiwerengero cha anthu

| | Dziko X | Dziko Y |
|---|---|---|
| Anthu, m'masauzande | 24,000 | 60,000 |
| Obadwa pa anthu 1,000 pa chaka | 36 | 9 |
| Omwalira pa anthu 1,000 pa chaka | 8 | 11 |
| Zaka 0–14, % | 44 | 13 |
| Zaka 15–64, % | 53 | 63 |
| Zaka 65 kupita m'tsogolo, % | 3 | 24 |

Yambani ndi mzere woyamba. Dziko X lilibe anthu 24,000 ayi, lili ndi 24,000,000. Lembani maziro atatuwo pomwepo. Onaninso kuti m'tebulo limodzili muli miyeso itatu yosiyana: masauzande, pa anthu 1,000, ndi maperesenti. Simungaphatikize kapena kuchotsera manambala a miyeso yosiyana.

Kukula kwachibadwa kumapezeka pochotsera omwalira pa obadwa. Ku X, 36 − 8 = 28 pa anthu 1,000. Funso likafuna peresenti, gawani ndi 10, chifukwa mukuchoka pa 1,000 kupita pa 100: ndi maperesenti 2.8. Amene alemba maperesenti 28 akunena kuti dzikolo limawonjezera anthu opitirira kotala chaka chilichonse, zimene sizichitika. Kukula kwachibadwa sikupitirira kwenikweni maperesenti 4, choncho yankho lililonse loposa pamenepo likaikireni. Ku Y, 9 − 11 = −2 pa anthu 1,000, kapena maperesenti −0.2. Musataye chizindikiro chochotseracho, pakuti ndicho chikunena kuti anthu akuchepa.

Mukafunsidwa kuti awonjezeka anthu angati pa chaka, bwererani ku nambala yonse: 24,000,000 × 28 ÷ 1,000 = 672,000. Mukafunsidwa zaka zimene zingatenge kuti chiwerengero chiwirikize kawiri, gawani 70 ndi peresenti ya kukulako: 70 ÷ 2.8 = zaka 25. Njira imeneyi ndi yoyerekeza, ndipo imadalira kuti mlingo wa kukulawo usasinthe. Dziwaninso kuti masamu onsewa sakuwerengera osamuka. Tebulo likakhala ndi mzere wa olowa ndi otuluka m'dziko, kukula kwenikweni ndi kukula kwachibadwa kuphatikiza olowa, kuchotsera otuluka.

Tsopano yang'anani mzere wa omwalira. Y ili ndi 11 pamene X ili ndi 8, ndipo wothamanga amalemba kuti ku Y zipatala ndi zoperewera. Yankho lili m'mizere ya m'munsi ya tebulo lomweli. Ku Y pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse wafika zaka 65, pamene ku X okalamba ndi atatu okha pa 100. Dziko la okalamba ambiri limakhala ndi maliro ambiri pa anthu 1,000 ngakhale chithandizo cha mankhwala chitakhala chapamwamba. Musamange chifukwa pa mzere umodzi musanaone ngati mzere wina ukuchitsimikiza kapena kuchitsutsa.

Mlingo wa odalira anzawo umawerengedwa chonchi: ana a zaka 0–14 kuphatikiza okalamba, kugawa ndi a zaka 15–64, kuchulukitsa ndi 100. Ku X, (44 + 3) ÷ 53 × 100 ndi pafupifupi 89. Ku Y, (13 + 24) ÷ 63 × 100 ndi pafupifupi 59. Tanthauzo lake ndi lakuti ku X anthu 100 a msinkhu wogwira ntchito akunyamula ena 89. Cholakwika chofala ndi kungoima pa 47, kapena kugawa ndi 100 m'malo mwa 53. Ngati gulu limodzi lasiyidwa dala mopanda nambala, lipezeni pochotsera magulu awiri enawo pa 100.

Chachisanu: magalafu a mzere, ndi kusiyana kwa mlingo ndi chiwerengero

Pa galafu yosonyeza kusintha kwa zaka, yang'anani kaye ngati zakazo zatalikirana mofanana. Tebulo la 1950, 1980, 2000, 2010 lili ndi mipata ya zaka 30, 20 ndi 10, ndipo simunganene kuti kukula kunali kofulumira pa mpata woyamba chabe chifukwa nambala yake ndi yaikulu. Gawani kusinthako ndi zaka za mpatawo, ndiye muyerekeze.

Peresenti ya kusintha imagawidwa ndi nambala yakale. Chiwerengero chikachoka pa 15 miliyoni kufika pa 24 miliyoni, kusiyana ndi 9, ndipo 9 ÷ 15 × 100 ndi maperesenti 60. Wogawa ndi 24 amapeza 37.5 n'kuluza malikisi.

Mzere wotsika sutanthauza nthawi zonse kuti anthu akuchepa. Ngati galafu ikusonyeza mlingo wa kukula, kutsika kuchoka pa maperesenti 3 kufika pa 2 kukutanthauza kuti anthu akuchulukabe, koma mochedwerapo. Amayamba kuchepa pokhapokha mzerewo ukadutsa pansi pa ziro. Dziko lonse lapansi ndi chitsanzo chake: mlingo wa kukula unafika pachimake, cha m'ma peresenti 2, m'zaka za m'ma 1960, ndipo wakhala ukutsika, komabe anthu anachoka pa 3 biliyoni mu 1960 kufika pa 8 biliyoni mu 2022.

Chachisanu ndi chimodzi: piramidi ya chiwerengero cha anthu

Mwachizolowezi amuna amakhala kumanzere, akazi kumanja, ndipo magulu ndi a zaka zisanuzisanu kuyambira 0–4 pansi. Sikelo imayambira pakati kupita kunja mbali zonse ziwiri, motero kumanzere manambala amakula mobwerera. Funso la ana onse osakwana zaka 15 likufuna mizati isanu ndi umodzi, itatu ya anyamata ndi itatu ya atsikana. Ngati sikelo ndi ya maperesenti, nthawi zambiri mbali zonse pamodzi ndi zimene zimakwana 100, osati mbali iliyonse payokha.

Iwerengeni kuchokera pansi. Tsinde lotambalala ndi ana obadwa ambiri. Tsinde lopyapyala kuposa pakati, monga pa piramidi ya Japan, likusonyeza kuti kubereka kwakhala kukutsika kwa zaka zambiri. Pamwamba, mbali ya akazi imakhala yotalikirapo chifukwa amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa amuna. Kenako funafunani pamene pafufuma kapena paloweka. Kufufuma kwa mbali ya amuna okha a zaka za m'ma 20 mpaka 40, monga ku Qatar, kumachokera kwa obwera kudzagwira ntchito. Kuloweka kwa mbali zonse ziwiri pa gulu limodzi kawirikawiri kumasonyeza zaka zimene ana anabadwa ochepa, ndipo mukhoza kuzipeza pochotsera msinkhu wa gululo pa chaka cha piramidi. Ngati piramidi ndi ya 2020 ndipo paloweka pa zaka 25–29, anthuwo anabadwa cha pakati pa 1991 ndi 1995, choncho chifukwa chake muchifune m'zochitika za zaka zimenezo, osati za 2020.

Musanachoke pa funsolo

Siyani mphindi imodzi yoyendetsa chala pa mayankho anu. Nambala iliyonse ikhale ndi muyeso wake, mm, °C, peresenti kapena pa anthu 1,000. Pamene funso lati yerekezani, onani kuti chiganizo chilichonse chatchula mbali zonse ziwiri, mwachitsanzo kuti ku X obadwa ndi 36 pa 1,000 pamene ku Y ndi 9, ndiye kuti mlingo wa X ndi wochuluka kanayi. Ngati nambala ya pa galafu yagwera pakati pa timizere tiwiri, lembani yapafupi kwambiri m'malo mosiya mpata, poti ochonga amalola kusiyana pang'ono pa manambala owerengedwa ndi maso.